Mwana watupa mapazi, inu mukusaka wamutsempha?

Loweruka lapitali ndinapita kukazonda mdzukulu wa mlamu wanga, kamwana ka chaka chimodzi ndi miyezi 8. Ndinakapeza kali kufunde, mapazi ali ndi! masaya otupa, tsitsi lofiirira ngati ndevu za chimanga. Pakhonde panali bwalo la milandu. Agogo akuti bambo wa mwana anayenda njira ndiye wamutsempha, azakhali akuti ayi, mwanayu wangonenepa. Milungu iwiri akukangana, chipatala chili pamtunda wakuti njinga siituluka thukuta. Ndinadina chala pamwamba pa mapazi onse awiri, ndikuwerenga mpaka katatu. Nditachotsa, maenje anatsala. Mafuta amatsala dzenje kodi? Amenewo ndi madzi, ndipo matendawo ndi kwashiyoko.

Mwandikwiyitsa, abale. Mayi atangodziwa kuti ali ndi pathupi pena, anamuchotsa mwanayo kubere tsiku lomwelo, ati mkaka waonongeka. Anaonongeka ndani? Kuyambira pamenepo mwana wakhalira phala la ufa woyera, lamadzimadzi, la mchere wokha. Mtedza uli m'thumba kudikira wavenda, mazira ndi ogulitsa, usipa ndi wa bambo. Ngakhale dzina la matendawa likukunenani. Linachokera ku Ghana, m'chiyankhulo cha Chiga, ndipo limanena za matenda a mwana amene walandidwa bere chifukwa kwabwera mnzake.

Mwana wa kaliwondewonde, uja achipatala amati marasimasi, sanamiza munthu. Nthiti zimawerengeka, nkhope ngati nkhalamba, khungu la m'matako lili lende ngati kabudula wobwereka, ndipo nthawi zambiri amalirira chakudya. Wa kwashiyoko ndiye amakupusitsani. Madzi aja amabisa kuonda, ngakhale pasikelo amalemera ndithu. Koma muoneni: sasewera, safuna kudya, ukamunyamula amanyinyirika, khungu limasupuka ngati wapsa. Kalamba kaja alangizi a zaumoyo amayeza nako pamkono kakaonetsa kofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, mwana wanyentchera koopsa. Koma wotupa mapazi onse awiri ali pangozi ngakhale kalambako katapanda kufika pofiira. Nanga inu kusikelo munasiyiranji kupita? Katemera atatha basi, sikelo yathanso?

Titafika kuchipatala anamugoneka, chifukwa chiponde atamuyesa anakana. Apa ndi pamene ndinaonanso uchitsiru wina. Anamwino akumupatsa mkaka wa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Azakhali aja akunong'ona kuti achipatala akumana mwana chakudya, n'kutulutsa nsima ndi nyama m'kontena. Mukufuna kumupha? Thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali lili ngati mbaula yotsala khala limodzi, ukaunjikapo makala ambiri umazimitsa. Mtima ndi wofooka, chiwindi ndi chofooka, matumbo sangagaye zambiri. Mkaka woyambawo si wonenepetsa ayi, ntchito yake ndi kuletsa shuga kutsika m'magazi ndi kulidzutsa thupi mwaulemu. N'chifukwa chake ngakhale mankhwala oonjezera magazi samupatsa masiku oyambawo. N'chifukwa chakenso amati mumufunditse, mumugoneke pachifuwa panu, poti mwana wotere amazizidwa msanga. Masiku amenewa sikelo imatsika, ndipo ena amathawa naye mwana usiku ati akuonda. Akuphwa madzi ameneyo! Akaphwa, n'kuyamba kufuna chakudya, ndi pamene amamusinthira ku mkaka wa F-100 kapena chiponde, kunenepa n'kuyamba.

Tsono chipondecho. Ndani sanachione pamsika, chikugulitsidwa pambali pa mandasi? Ndani sanaone bambo wandevu zake akupaka pabuledi, ana asukulu akunyambita popita? Manyazi mulibe? Kapaketi kamodzi ndi magalamu 92, ndipo achipatala amawerenga mapaketi molingana ndi kulemera kwa mwana wodwalayo, osati kuchuluka kwa anthu a pakhomo panu. Mukagawira abale ake atatu, ndiye kuti mwana wamwa theka la theka la mankhwala ake. Ena mumachisungunula m'madzi n'kusiya padzuwa tsiku lonse, chikhalirecho anachipanga chopanda madzi dala kuti tizilombo tisaswanemo. Mwana adye cha m'paketi momwemo, m'manja mosamba, ngati akuyamwa ayambe wayamwa, madzi abwino akumwa ali pambali chifukwa chimachititsa ludzu.

Ndipo akangoyamba kuseka musati wachira, n'kusiya kupita kukayezetsa. Amene amamutulutsa m'ndondomeko ndi achipatala. Akatuluka, abwerere ku phala la ufa woyera lomwe lija? Mgaiwa ulipo, nsinjiro zilipo, bonya wosinja, dzira, kasupuni ka mafuta, masamba a nkhwani. Mwana adye kasanu patsiku, m'mbale yakeyake, osati kulimbirana ndi akuluakulu.

Kamwana kaja kakadali kuchipatala, mapazi ayamba kuphwa. Agogo ake mpaka lero akufunsabe kumene bambo anagona mwezi wathawu. Zachibwana!