Lupu choyamba, rikeshoni pambuyo

Anzanga amene mukuphunzitsa achinyamata Python kuno ku Kasungu, maganizo anga ndi awa: wongoyamba kumene akamalemba fankishoni yophatikiza manambala a mu mndandanda, ayambe ndi lupu. Rikeshoni, njira ija fankishoni imadziitana yokha, ibwere pambuyo, ndiponso ibwere pa ntchito ina, osati iyi.

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi yalemba kulemera kwa mabelo atatu a fodya: makilogalamu 95, 102 ndi 88. Ndi lupu timalemba chonchi:

```python
def phatikiza(mabelo):
    zonse = 0
    for kg in mabelo:
        zonse += kg
    return zonse
```

Mwana akhoza kutenga pensulo n'kutsatira yekha. `zonse` ayamba pa 0, akhala 95, kenako 197, pomaliza 285. Ndi momwe mlembi wa kalabu amawerengera m'kope lake, mzere ndi mzere. Akalakwitsa, cholakwikacho chimaonekera msanga. Yankho likatuluka 95, ndiye kuti `return` walowa m'kati mwa lupu, fankishoni yathera pa belo loyamba. Likatuluka 88, ndiye kuti `zonse = 0` ali m'kati mwa lupu, akufufuta zomwe zaphatikizidwa kale ulendo uliwonse. Wophunzira amakonza yekha zimenezi, ndipo akakonza sadzaiwala.

Nayi ya rikeshoni:

```python
def phatikiza(mabelo):
    if not mabelo:
        return 0
    return mabelo[0] + phatikiza(mabelo[1:])
```

Ndi yokongola, sindikukana, ndipo yankho ndi 285 yemweyo. Koma taonani zomwe zikuchitika m'katimo. Kuitana koyamba kwagwira 95, sikungayankhe mpaka kwachiwiri kutayankha. Kwachiwiri kwagwira 102, kukudikira kwachitatu. Kwachitatu kwagwira 88, kukudikira kwachinayi, komwe kwapeza mndandanda wopanda kanthu n'kubweza 0. Apo m'pamene kuphatikiza kumayamba, chobwerera m'mbuyo: 88, 190, 285. Kuitana kulikonse komwe kukudikira kumakhala ndi malo ake mu memore ya kompyuta, ndipo malowo samasuka mpaka yankho litabwera.

Pa mabelo atatu palibe vuto. Vuto limabwera mndandanda ukatalika. Python ili ndi malire a kuitana kosanjikizana, ndipo mukapanda kusintha, malirewo ndi 1000. Mupatseni mwanayo mabelo 1,200, khodi yake yomwe dzulo imayenda bwino iima ndi uthenga wakuti `RecursionError: maximum recursion depth exceeded`. Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti mwanayo amayamba kudzikayikira, kuganiza kuti masamu ake ndi olakwika, pomwe masamuwo ali bwinobwino. Ena amamuuza kuti akweze malire ndi `sys.setrecursionlimit`. Kumeneko n'kungosunthira vutolo patsogolo, chifukwa mndandanda wotalikirapo udzabwera ndithu. Lupu ija, muipatse manambala miliyoni, imasunga `zonse` mmodzi yemweyo.

Palinso china chobisika mu `mabelo[1:]`. Kachidutswa aka sikangoloza pa mabelo otsala, kamapanga mndandanda watsopano. Pa mabelo 900, kuitana koyamba kumakopera 899, kwachiwiri 898, mpaka pansi, zonse pamodzi 404,550, kuti tingophatikiza manambala 900. Wongoyamba sangazione izi poyang'ana khodiyo, chifukwa mzerewo ndi waufupi ndipo ukuoneka wosalakwa.

Ndikudziwa ena munena kuti rikeshoni imaphunzitsa kuganiza, kuti vuto lalikulu uliphwanye likhale laling'ono la mtundu womwewo. N'zoona, ndipo m'zilankhulo ngati Haskell ndi Scheme imeneyo ndiyo njira ya tsiku ndi tsiku. Koma ife tikuphunzitsa Python, yomwe ili ndi malire aja a kuitana kosanjikizana. Komanso mwana akaona rikeshoni koyamba pa ntchito yomwe lupu imaigwira mosavuta, amafunsa kuti “ndiye phindu lake n'chiyani?” ndipo funso lakelo ndi lomveka.

Muonetseni rikeshoni pamene mndandanda uli ndi mindandanda ina m'kati, monga `[[95, 102], [88, [70, 65]]]`, pomwe mabelo asanjidwa m'makalabu ndipo kalabu ina yagawa ake m'magulu. Apa lupu imodzi siikwanira, popeza simudziwiratu kuti kusanjikizanako kukafika pati. Fankishoni ikakumana ndi nambala iphatikize, ikakumana ndi mndandanda idziitane, yankho lituluke 420. Kuzama kwake n'kochepa, malire a 1000 aja ali kutali.

Akamaliza kulemba lupu ndi dzanja lake, muuzeninso kuti Python ili kale ndi `sum(mabelo)`, ndipo pa ntchito yeniyeni agwiritse imeneyo. Ayerekeze yankho lake ndi la `sum`, ayesenso pa mndandanda wopanda kanthu, `[]`, aone ngati fankishoni yake ikubweza 0.