Khutu silibwerera m'mbuyo, dulani ziganizozo!

Inu owerenga zidziwitso pachimkuzamawu, m'tchalitchi ndi pamisonkhano ya mfumu, mwatitopetsa. Sabata yathayi pamsika wina kuno ku Mchinji munthu waima ndi pepala n'kuwerenga izi mpweya uli pakhosi:

"Potsatira kuwonongeka kwa mlatho kaamba ka mvula yomwe yakhala ikugwa, komanso poganizira kuti alangizi a zaumoyo, omwe amayenera kufika Lachiwiri, akhala ali kumaphunziro mpaka Lachinayi, amayi onse a ana osakwana zaka zisanu, kupatula a kutsidya kwa Bua, akudziwitsidwa kuti sikelo, yomwe imachitikira patchalitchi, ichitika Lachisanu nthawi ya 8 koloko m'mawa pasukulu."

Chiganizo chimodzi chimenecho! Mayi ali ndi mwana kumbuyo, akuwerenga chenji cha tomato, njinga zamoto zikulira, ndiye agwirepo chiyani? Wamva masiku atatu ndi malo awiri. Tsiku lenileni labwera kumapeto, iye atagwira kale Lachiwiri ndi tchalitchi. Mawa akalephera kubwera muziti amayi a kuno ndi osamva. Wosamva ndani, iwo kapena inu?

Pepala munthu amalibwereza ndi maso. Khutu limamva kamodzi, mawu akadutsa adutsa. Chimene mwalembera maso musachithire m'khutu chili chomwecho. Ndikudziwa kuti ambiri amangotenga kalata ya kuofesi n'kuiwerenga momwe ilili, koma chimenecho si chifukwa.

Ntchito yake ndi ya bolopeni ndi mphindi zochepa. Fufuzani kaye chimene womvera ayenera kuchita, ndipo chimenecho chikhale patsogolo. Pano ndi tsiku, malo ndi nthawi. Kenako zungulizani "yomwe", "omwe", "komanso", "kupatula", "potsatira" ndi "poganizira" aliyense. Pamene pali mawu amenewa ndi polumikizira, dulani pomwepo. Chidutswa chilichonse chifunseni ngati mayi uja akuchifuna. Lachinayi la maphunziro a alangizi akalitani? Tayani. Likangotchulidwa limasanduka tsiku la sikelo m'mutu mwa wina. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Zotsalazo zinenedwe motere:

"Amayi a ana osakwana zaka zisanu, tamverani. Sikelo yasintha tsiku. Sikelo ichitika Lachisanu lino. Malo asinthanso, bwerani kusukulu. Nthawi ndi 8 koloko m'mawa. Amayi a kutsidya kwa Bua, inu musabwere Lachisanu, chifukwa mlatho wawonongeka. Tsiku lanu tidzakuuzani. Ndibwereze: sikelo, Lachisanu, kusukulu, 8 koloko."

Chiganizo chimodzi, nkhani imodzi, mpweya umodzi. Ngati mwapumira pakati musanafike pampumiro, chatalika, dulaninso. Mawu athu a Chichewa ndi aatali kale, "akudziwitsidwa" yekha ali ndi maphatikizo asanu ndi limodzi, choncho mukapitirira mawu khumi kapena khumi ndi awiri yambani kukayikira. Ndipo "akudziwitsidwa" wakeyo ngwachiyani? Anthu ali patsogolo panu, ayankhuleni: bwerani, musabwere, tengani. "Kuwonongeka kwa mlatho" nenani kuti mlatho wawonongeka, monga mungauzire mnansi wanu pachitsime.

Onani kuti a kutsidya ndawapatsa ziganizo zawozawo, ndipo ndayamba ndi kuwaitana. "Kupatula" wobisika pakati samveka ngakhale pang'ono. Amene mwawapatulawo ndi amene amadzafika m'mawa kwambiri, atawoloka madzi ndi makanda.

Koma kudula si kukhapa mwachisawawa. Mukadula, dzina libwerezeni. Sikelo, mvula, sukulu, zonsezi zimatenga "i-". Mukati "Mvula yagwa kwambiri. Ichitika Lachisanu," womvera adziwa bwanji chimene chichitike? N'chifukwa chake ndanena "sikelo" katatu, ndipo palibe cholakwika. Papepala kubwereza kumaoneka ngati ulesi, pakamwa ndiko kumagwiritsa uthenga. "Chifukwa" ndi "koma" musawataye onse, apo ayi zidutswa zija zimangokhala mulu wosagwirana. Chifukwa chizibwera pambuyo pa lamulo, chachifupi.

Musanakaime pagulu, werengerani munthu mmodzi mokweza, kamodzi kokha, iye osaona pepala. Mufunseni: liti, kuti, nthawi yanji, ndani asabwere? Akaphonya chimodzi, vuto ndi chiganizo chanu. Kakonzeni. Musamuwerengerenso kachiwiri kuti mudzikhululukire, pamsika palibe kachiwiri.

Ndiye pali awa otchula nambala ya foni ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Manambala khumi mpweya umodzi, kamodzi, munthu asanatulutse n'komwe foni m'chitenje! Chenjezani kaye kuti nambala ikubwera. Itchuleni m'magulu, anayi, atatu, atatu, mukupuma pakati, ndipo mubwereze. Mukuthamangira kuti?