Istikhara si kudikira maloto

Mng'ono wanga wina wafunsiridwa ndi mnyamata wa kwathu ku Mangochi amene amagwira ntchito ku Joni. Makolo akufuna yankho kuti akonze za nikaha. Atandiimbira anati, "Achemwali, ndaswali istikhara masiku asanu ndi awiri koma sindinalote kanthu. Kodi Allah wandikana?" Mtima unandiwawa, chifukwa mwanayu wakhala akuvutika ndi chinthu chimene Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) sanatiphunzitse.

Hadisi ya Jabir bin Abdullah imene ili mu Bukhari imati Mtumiki ankaphunzitsa maswahaba istikhara monga ankawaphunzitsira sura ya Qur'an. Munthu akatsimikiza mtima pa chinthu, aswali maraka awiri osakhala a faradhi, kenako apange duwa yoyamba ndi mawu akuti "Allahumma inni astakhiruka bi ilmika". Akafika pa "hadhal amr" atchule chinthucho, monga ukwati ndi uje kapena ntchito yakuti. Basi. Za maloto mulibemo, za kuona chobiriwira kapena chofiira kutulo mulibemonso.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi mathero a duwayi. Timapempha kuti ngati chinthucho ndi chabwino pa chipembedzo chathu, pa moyo wathu ndi pa mapeto athu, Allah atifewetsere ndi kutidalitsira. Ngati ndi choipa, achichotse kwa ife, ifenso atichotse kwa icho, atikonzere chabwino kulikonse kumene chili, ndipo atisangalatse nacho. Taonani mawu akuti "ifenso atichotse". Ukwati ukhoza kulephereka mtima n'kutsalira komweko zaka zambiri, ndiye tikupemphanso kuti mtimawo umasuke.

Choncho yankho limaoneka m'mene zinthu zikuyendera ukayamba kuchitapo kanthu. Mng'ono wangayo ndinamufunsa ngati anafufuza za mnyamatayo. Kodi amaswali? Alibe mkazi wina ku Joniko? Akadzakwatirana adzamutenga, kapena adzamusiya kwa apongozi zaka zitatu osabwera? Zonsezi anali asanafunse, ankangodikira tulo. Pamene Qur'an pa 3:159 imalamula kufunsana nzeru kaye, kenako kutsamira kwa Allah. Pano amalume atuma munthu kukafunsa anzake a mnyamatayo, mng'ono wangayo waswalinso, ndipo zokambirana zikupitirira.

Chinanso chimene sindigwirizana nacho ndi kupereka ndalama kwa munthu kuti "akuonere" istikhara, iwe n'kumupatsa dzina lako ndi la mayi ako. Kumeneko kwayamba kufanana ndi kuombeza. Duwayi imati "kwa ine", ndiye mwini nkhani ndi amene aswali. Ngati Chiarabu chikukuvuta, werenga papepala. Ungopewa nthawi zoletsedwa, monga pambuyo pa Fajir mpaka dzuwa litakwera ndi pambuyo pa Asir mpaka litalowa. Mayi amene ali kumwezi atha kupanga duwa yokhayo popanda swala, makamaka ngati anthu akudikira yankho sabata yomweyo.