"Tamva, tidzakonza" si yankho

Munthu walemba kudandaula kuti denga likudontha kuchipinda chogona, siling'i yafufuma, madzi akutsika pafupi ndi waya wa getsi. Alandilodi ayankha pa WhatsApp mawu awiri basi: "Tamva, tidzakonza." Zandinyansa kwabasi. Mudzakonza liti? Mvula yayandikira, Novembala uyu ali pakhomo.

Yankho lopanda deti si yankho. Kaya ndalama zavuta, kaya mmisiri akuzembazemba, detilo lembani.

Yankho la munthu wodziwa udindo wake limamveka chonchi: "Dandaulo lanu la pa 10 Okutobala ndalandira, loti denga likudontha kuchipinda chogona. Lachiwiri pa 14 Okutobala kalipentala abwera m'mawa kudzakwera padenga, pakhale munthu pakhomo. Loweruka pa 18 tisintha malata ndi misomali. Siling'i tiika pa 25, matabwa akauma. Ndalama zonse ndi zanga. Pakadali pano getsi la chipindacho musayatse." Mwaona? Ntchito iliyonse ili ndi tsiku lake, ndipo wolipira watchulidwa.

Tsiku loyendera lija si lamwambo chabe. Pamene siling'i yathimbirira nthawi zambiri sipamene pali bowo, chifukwa madzi amayamba ayenda ndi thabwa kenaka n'kukagwera kwina. Mmisiri akwere aone. Mwina misomali anaikhoma m'ngalande ya lata m'malo mwa pamsana, ndiye mvula iliyonse ikudutsa pabowo pomwepo. Mwina malata sanasanjikizane mokwanira: kumapeto amafunika kulowana masentimita 15 kapena kuposa, apo ayi mvula ya mphepo imakankhira madzi m'kati. Akapeza kuti thabwa lafumbwa kapena ladyedwa ndi chiswe, msomali watsopano sugwira, ndiye thabwalo lilowe pa mndandanda wa zogula asanalonjeze tsiku lomaliza.

Zomata phula pabowo n'kumati takonza, ayi. Lata limafutukuka likatentha ndi dzuwa, usiku n'kubwerera, phula lija n'kusweka. Ngati mukumata kuti mudikire malata, nenani choncho m'yankhomo, ndipo deti la malata lilembedwe. Kuika siling'i yatsopano denga lisanakonzedwe n'kutaya ndalama m'madzi.

Ndionetsetse adathetsa nkhosa. Lero ndi lata limodzi, pofika Febuluwale ndi siling'i yonse, matiresi a eni ake, mwinanso mawaya.

Tsiku likalephereka, lembaninso lisanafike, mutchule lina. Mukafuna kuti wokhala m'nyumbayo akonze yekha adzachotsere pa lendi, lembani kuti ndi ndalama zingati, mwezi uti, ndipo malisiti asungidwe. Zapakamwa zimathera m'kukanirana.

Chondipsetsa mtima n'chakuti anthu omwewa deti la lendi saliiwala. Pa 1 m'mawa foni yalira kale, pa 5 akuopseza za loko pachitseko. Polowa m'nyumba anafuna za miyezi itatu nthawi imodzi, osachotsera ngakhale tambala.