Fuluu itatha, mpira udikire kaye

"Kutentha thupi kunasiya sabata yatha koma ndikathamanga pang'ono ndikumafooka ngati nkhalamba, ndibwerere liti ku mpira?"

Achimwene musathamangire, zimenezo n'zachizolowezi. Fuluu yeniyeni, osati kachimfine wamba, kutentha thupi ndi kuphwanya kumatha pa masiku 3 mpaka 7, koma chifuwa ndi kufooka zimatha kukakamira masabata awiri kapena kupitirira. Vuto ndi loti vairasi ija imasupula khungu la m'kati mwa njira ya mpweya ndiye pamafunika nthawi kuti lipole, komanso masiku mumagona aja simumadya bwino, madzi anachoka ndi thukuta, minofu nayo inalobodoka.

Ndiye dikirani papite maola osachepera 24 thupi lisakutentha, osati poti mwamwa panado ayi, lizizire lokha. Yambani ndi kuyenda wamba maminitsi 10 kapena 15, pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu osabanika. Mawa lake dzimvereni, ngati mwadzuka bwinobwino onjezani pang'ono, kenako kajogi theka la mtunda umene munazolowera, koma mukadzuka thupi lili lolemera kuposa dzulo ndiye kuti munapyola, pumani tsiku limodzi mubwerere m'mbuyo. Gemu ya maminitsi 90 ikhale yomalizira, anyamata akunyozeni bola.

Koma mukamva kupweteka pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha, chizungulire kapena kubanika muli chikhalire, siyani pompo mupite kuchipatala, fuluu nthawi zina imatupitsa mnofu wa mtima. Thupi likayambiranso kutentha mutachira kale, kayezetseni, itha kukhala chibayo kapena malungo.