Inu ogwira maiki, mlendo si choseketsa chanu

Mtima wanga sunatsikebe ndi zomwe ndinaona Loweruka pa mwambo wosonkhetsa ndalama zomangira chipinda chophunzirira pa sukulu ina kuno ku Salima. Mlendo wolemekezeka anali mayi wobadwira m'mudzi momwemo, amene anayamba ndi kupikula usipa ku Senga Bay n'kumagulitsa pa mulu, lero amatumiza mpunga wa ku Lifuwu ku Lilongwe. Anabwera ndi matumba a simenti. Ndiye woyendetsa mwambo watenga maiki kuti awaonetse kwa anthu, mawu ake oyamba akuti: "Amayi awa mukuwaona nokha, mpando umodzi sukuwakwana. Ndipo abambo tcherani khutu, malo akadalipo, sali pabanja."

Anyamata a kumbuyo anafa nacho chiseko. Amayiwo anamwetulira pang'ono, kenako anawerama n'kumakonza chitenje chomwe chinali kale bwinobwino. Mwana wawo wamkazi anali pomwepo. Amfumu anali pomwepo. Ine ndinapsa mtima, ndipo ndikadali wokwiya.

Munthu wakubweretserani simenti, inu mukumulipira ndi manyazi? Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amayi aja sadzakumbukira kuti munawakonzera mpando wa sofa ndi chambo. Adzakumbukira kuti mudzi wawo womwe unawaseka ali chiimire.

Sindikuti pa mwambo pasamasekedwe, ayi. Anthu akhala padzuwa kuyambira m'mawa, kuseka kumawatsitsimula. Koma nthabwala ya poonetsa mlendo ili ndi lamulo limodzi: mwini wakeyo akhale woyamba kuseka, ndipo aseke kuchokera pansi pa mtima. Ngati akuseka chifukwa choti anthu akumuyang'ana, mwamuchititsa manyazi basi. Mlendo alibe maiki, sangakubwezereni, ndipo ulemu sumulola kukwiya pagulu. Mukudziwa zimenezi, n'chifukwa chake mumamutola.

Ena mumathawira ku chisuwani, eti "ndi asuwani anga, timatero." Chisuwani ndi cha anthu awiri odziwana, aliyense ali ndi ufulu wobwezera mnzake. Anthu odzaza bwalo sakudziwa za usuwani wanuwo. Iwo angomva mayi wamkulu akunyozedwa pa chimkuzamawu, ndipo ana asukulu aphunzira kuti n'zololedwa.

Thupi la munthu, banja lake, kubereka kapena kusabereka, msinkhu wake, ngongole zake, pomwe analekezera sukulu, zimenezi musazikhudze ngakhale mutaona kuti gulu liseka. Simudziwa chomwe chili kuseri. Mwina amayi aja bambo anamwalira chaka chatha. Mwina thupilo ndi la matenda. Munawafunsa?

Kufunsako ndiye ntchito imene ambiri simuchita. Mwambo usanayambe, pitani pomwe akhala mlendo, mugwade kapena muwerame, muwafunse dzina lomwe akufuna kutchulidwa nalo, udindo wawo weniweni, ndi kankhani kamodzi ka moyo wawo komwe iwo eni amakanyadira. Mukapeza poseketsa, auzeni pomwepo kuti, "Amayi, ndimati ndinene chakutichakuti, mundilola?" Akangozengereza pang'ono, chisiyeni. Sizitenga mphindi zisanu.

Amayi aja akanafunsidwa, nkhani inali poyera. Ine ndikanati: "Agogo, amfumu, makolo ndi ana nonse, mlendo wathu lero ndi mwana wa mudzi uno. Anayamba ndi beseni limodzi la usipa, lero mpunga wawo ukudyedwa ku Lilongwe. Ndiye ndikuchenjezeni a komiti, pa nkhani ya mtengo wa njerwa musayerekeze kunenerera nawo. Munthu amene anagonjetsa asodzi a ku Senga Bay pa mtengo, inu simungamuthe. Tiyeni tiwalandire ndi m'manja Mayi Uje."

Taonani pomwe chiseko chagwera. Chagwera pa luso lawo, ndipo chawakweza. Amene wapinidwa pang'ono ndi a komiti, anthu ambiri, eni mwambo, osati munthu mmodzi woima yekha. Gogo wamva, mwana wa sitandade 4 wamva, chifukwa palibe wa kuno amene sadziwa kunenerera nsomba. Nthabwalayo ndi imodzi yokha, ili pakati, ulemu uli kutsogolo, ndipo mawu omaliza ndi dzina la mlendo kuti m'manja mugwere pa iye. Mukathera pa nthabwala, anthu amaombera inu m'manja, mlendo n'kuimirira anthu akusekabe za inu.

Mukasowa choseketsa pa mlendo, sekani chomwe tonse chikutikhudza pamalopo. Kutentha kwa Salima mwezi wa Okotobala kulipo, fumbi lilipo, mwambo wa 9 koloko woyamba 12 koloko ulipo. Zimenezi sizipweteka munthu.

Koma woyendetsa mwambo uja sanalekere pa amayiwo. Anatembenukira ku Chingerezi n'kuponya ina yomwe anaseka ndi aphunzitsi a kutsogolo okha. Azimayi amene anaumba njerwa, amene anatunga madzi, anangoti kukamwa yasa, kumafunsana kuti "wati chiyani?" Munthu akaona ena akuseka m'chilankhulo chomwe iye sakumva, amayesa akusekedwa ndi iyeyo. Mwaitana makolo kuti asonkhe ndalama, kenako mukuwatsekera kunja kwa nkhani pa bwalo lawo lomwe. Ngati nthabwala ikufuna kumasulira, kapena ikufuna kuti munthu akhale wa pa Fesibuku kuti aimve, si ya pa bwalo.

Atafika pa chakudya anawonjeza ya nkhumba, eti "enanu lero mudzangonunkhiza." Kuno ku Salima! Kuno komanso ku Nkhotakota n'komwe Asilamu ndi Akhristu timakhala khomo ndi khomo, timakwatirana, timaikana maliro. Mashehe awiri anali pa mzere wa kutsogolo, sananene kanthu, anangoyang'ana pansi. Chipembedzo, mtundu, kalankhulidwe ka Ayao kapena Atonga, chipani, zonsezi zimadula bwalo pakati. Mbali imodzi ikuseka, ina ikuwerenga mphindi zoti inyamuke.

Ndipo musanamizire kuti simunadziwe. Bwalo limakuuzani. Chiseko chikachokera mbali imodzi yokha, makamaka kwa anyamata a kumbuyo, mwalakwa. Azimayi akagwira pakamwa m'malo molulutira, mwalakwa. Akuluakulu akayang'ana pansi, mlendo akayamba kusewera ndi foni kapena kukonza chovala, mwalakwa. Pamenepo musawonjezere ina yofuna kukonza, ndipo musati "ndimangocheza amayi", chifukwa mukuwakakamiza kuti akukhululukireni pagulu. Bwererani msanga ku ulemu wawo, tchulani zomwe achita, apatseni maiki, mukapepese panokha mwambo ukatha.

Vuto n'loti masiku ano aliyense wa mawu okwera akuti ndi emusi, akungotengera za pa perekaniperekani. Koma inu a komiti amene mumawalemba ntchito anthu amenewa, mumawauza chiyani? Mumakambirana za ndalama zokha basi?

Ndiponso inu anyamata a zoimbira, mwanditopetsa. Dzina la mlendo likutchulidwa, inu mwakweza kale nyimbo, mwaponyamo kaphokoso kanu kaja ka hutala. Loweruka lija anthu a kumbuyo anabwerera kwawo akudziwa kuti amayi aja sali pabanja, koma dzina lawo sanalimve. Ndinachita kufunsidwa panjira ndi anthu kuti kodi mayi wa simenti uja ndi ndani.