Masilaidi asanu ndi mabotolo awiri okwana lita imodzi

Mvula ikamayandikira muno mu Lusaka, ambiri a ife amene timathandiza pa ntchito za umoyo m'makomboni timapemphedwa kukalankhula za kolera kumatchalitchi ndi kumisonkhano ya makolo. Tikukumbukirabe mmene bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwira malo ochiritsira odwala kolera mu Januwale 2024, choncho wolankhula amafunitsitsa kunena zonse zimene akudziwa. Maganizo anga ndi akuti masilaidi asanu oonetsa pa pulojekita ndi okwanira, ndipo onse atsogolere ku chinthu chimodzi chimene womvera akachite akafika kunyumba.

Pa benchi limodzi ku Kanyama kapena ku Chawama pamakhala mphunzitsi wopuma pantchito, mayi amene analekezera giredi 4, ndi agogo amene sanapiteko kusukulu. Silaidi ikadzaza ndi mawu, mphunzitsi amawerenga n'kusiya kukumvetserani, pamene agogo amangoyang'ana pansi poganiza kuti msonkhanowo si wawo.

Tiyerekeze kuti phunziro ndi la kasungunulidwe ka ORS, amene ambiri timawatchula kuti madzi a moyo. Silaidi yoyamba ionetse manja akusambidwa ndi sopo. Yachiwiri ionetse paketi imodzi pambali pa lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kilorini, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaika chithunzi cha jagi ya mizere yoyezera imene mabanja ambiri alibe, pamene chinthu chimene aliyense amachidziwa ndi botolo la madzi akumwa la mamililita 500. Jambulani mabotolo awiri otere ali odzaza, ndipo mubwere nawo enieniwo. Nenani momveka kuti botolo la mafuta ophikira la mamililita 750 silikwana lita, ndiponso kuti madzi akachepa mchere umachuluka, zimene zingavulaze mwana amene watha kale madzi m'thupi. Chifukwa chimenechi ndi chimene munthu wophunzira amafuna kumva, ndipo wosaphunzira nayenso amachimvetsa bwino chikanenedwa pakamwa.

Silaidi yachitatu ionetse mayi akumwetsa mwana ndi supuni, kapu ili pambali. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsegula m'mimba, koma m'malo molemba manambala okha, jambulani kapu wamba ili ndi madzi osapitirira theka. Mwana akasanza, mayi adikire mphindi 10 kenako apitirize pang'onopang'ono. Yachinayi ikumbutse kuti madzi a moyo amene atha maola 24 atayidwe, asungunule ena. Yachisanu ndi ya zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala: maso olowa m'kati, kulephera kumwa, ndi kufooka kwambiri. Popeza kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa, ndimatsindika kuti wodwala azimwa ali m'njira, osati kudikira kunyumba kuti aone ngati apeza bwino.

Chimene ndimachiona kuti sichipatsidwa nthawi yokwanira ndi kuyesa zithunzi lisanafike tsiku la msonkhano. Chithunzi chimene kwa inu n'chomveka chikhoza kunena zina kwa munthu amene sanazolowere mabuku. Kachilombo kakakulitsidwa mpaka kudzaza khoma, wina amati sanaonepo chinthu chotero m'madzi ake, ndiye kuti madzi akewo ndi abwino. Mzere wofiira wodutsa pa chithunzi si onse amene amaumva kuti ukuletsa, n'chifukwa chake ndi bwino kuonetsa choyenera kuchita m'malo moonetsa choletsedwa. Mutenge zithunzi zanu, mukaonetse anthu atatu kapena anayi a m'dera lomwelo mmodzimmodzi, makamaka achikulire, osawafotokozera kanthu, n'kuwafunsa kuti, "Amayi, mukuonapo chiyani apa?" Akayamba kukamba za chitenje cha mayi wa pachithunzi kapena za nyumba imene ili kumbuyo, dziwani kuti zokongoletsa zachuluka ndipo zichotsedwe. Akati mwanayo wagona tulo, pamene inu mumafuna kuonetsa kufooka, chithunzicho chijambulidwenso.

Za pulojekita, tonse tikudziwa mmene magetsi amazimira, ndiponso m'tchalitchi cha mazenera opanda makatani chithunzi chimazimirira ndi kuwala. Zithunzi zisanuzo zikhalenso pa mapepala aakulu, ndipo mukaime kumbuyo kwenikweni kwa chipinda kuti muone ngati zikuoneka.

Pomaliza phunziro, kufunsa kuti "Mwamva?" sikuthandiza, chifukwa anthu athu mwaulemu amayankha kuti inde. Pemphani munthu mmodzi abwere kutsogolo asungunule paketi yekha, anzake akumuuza chochita. Akathira botolo limodzi lokha anthu onse n'kukhala chete, bwererani ku silaidi yachiwiri musanawabalalitse.